Malipiro amodzi, makomo asanu: dandaulo lathu kuno ku Thuchila

Ife a kuno ku Thuchila tinkati tikaphunzitsa mwana mpaka uphunzitsi, tapuma. Tinagulitsa nandolo pa Nkando, mbuzi zinatha m'khola, ena tinachita kubwereketsa minda kuti mwana amalize ku koleji. Atamaliza anakhalanso pakhomo zaka akudikira kuti boma limulembe ntchito. Lero ntchito yapezeka, koma makalata amene akutipeza ndi otilepheretsa tulo.

Ina yafika pakhomo pa anzathu ena tsidya la mtsinje, yochokera kwa mwana wawo wamkazi amene akuphunzitsa pulayimale kutali ndi kuno. Eni ake anatilola kuimva, ndipo tonse tinangoti kakasi, chifukwa nkhani yake ndi ya tonsefe.

"Ababa ndi amayi," analemba motero, "ndagwada. Pafoni ndimalephera kunena izi chifukwa ndikamva mawu anu ndimangovomera. Kuyambira mwezi uno ndizitumiza theka la zimene ndinkatumiza, kamodzi pamwezi, malipiro akangolowa. Musaganize kuti ndayamba mwano. Ndiloleni ndikuwerengereni.

"Pa K1,000 iliyonse ya malipiro anga, K150 imatsala komweko: msonkho, penshoni ndi chopereka cha bungwe la aphunzitsi. K250 imadulidwa ndisanaione, kubweza ngongole imene ndinatenga pogula malata nyumba yathu itagwa. Pasukulu pano nyumba za aphunzitsi ndi zochepa, ndiye lendi imadya K150. Ufa, ndiwo, makala ndi sopo ndi K300. Kabaza ndi mayunitsi K50. Yotsala ndi K100, koma ine ndakhala ndikutumiza K200. K100 inayo ndimaitenga kwa a katapila, ndipo amafuna ibwerere ndi theka pamwamba. Khadi langa la kubanki lili m'manja mwawo. Ndikapitiriza chonchi, chaka chamawa ndidzalephera kutumiza ngakhale ya mchere."

Poyamba tinapsa mtima, tisaname. Kwathu kuno mwana wamkazi ndiye mwini mudzi, ndiye amene timayembekeza kuti adzatisunga. Koma titakhala pansi n'kuwerenga ndi zala, tinaona kuti mwanayu sanalakwe. Ndalama imene tinkaiyesa malipiro inali ngongole. Ndipo zizindikiro tinkaziona ndithu: ndalama kubwera zidutswazidutswa, nthawi zina kuchokera pa nambala yachilendo, foni kuzima mwezi ukafika pakati, mwana kusabwera pa holide.

Ndiye tidandaulire yani? Choyamba ndi mitengo ya zinthu. Kwacha inagwetsedwa mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi K44 pa K100 iliyonse mu Novembala 2023. Feteleza, sopo ndi mafuta ophikira zinakwera sabata yomweyo, pamene malipiro a mphunzitsi amadikira bajeti, ndipo akakwera amapeza mitengo itapita kale. Pakati pa nthawi ziwirizo, mu Malichi 2023, namondwe Freddy anagwetsa nyumba ndi kukwirira minda yathu ndi mchenga kuno ku Mulanje. Ngongole zambiri zimene ana athu akubweza lero zinayambira pamenepo.

Chachiwiri ndi minda. Malo kuno ndi ochepa, tagawana mpaka kamunda katsala ngati bwalo la nyumba. Dzina likasowa pa mndandanda wa feteleza wotsika mtengo, chimanga chimatha dzinja lisanafike. Nandolo timagulitsa nthawi imene aliyense akugulitsa, mavenda n'kutchula okha mtengo. Kale makolo ndiwo ankatumizira mphunzitsi thumba la chimanga. Masiku ano iye ndiye akutigulira ufa.

Chachitatu ndife tomwe. Mwana mmodzi akalembedwa ntchito, mbumba yonse imasunga nambala yake. Amalume akufuna ya chipatala, mlongo wake ya mayeso, azakhali ya maliro, ndipo aliyense amaimba payekha osadziwa kuti mnzake waimba kale. Mutu umodzi susenza denga, komatu ife tamusenzetsa madenga asanu.

Kalata ija inafotokozanso zochita. Ndalama izipita kwa amayi okha. Opempha onse azidzera kwa ababa, osati kuimbira mwana. Katapila akatha, mwanayo azisungako pang'ono mwezi ndi mwezi kuti pofika Okutobala agule thumba la feteleza, ndipo ya matenda aakulu ikhale payokha. Anapemphanso kuti achimwene ake amene amachita geni ku Limbe atengeko fizi ya mng'ono wawo.

Ife tavomera, ngakhale zikuwawa. Koma a boma atimve: ana athu alembedwe ntchito akangomaliza maphunziro, malipiro azibwera pa nthawi yake, nyumba za aphunzitsi zimangidwe kuti lendi isamadye ndalama, ndipo obwereketsa asamaloledwe kudula malipiro mpaka munthu kutsala wopanda chogulira ufa. Mphunzitsi amene akuganiza za katapila sangaphunzitse bwino, ndipo ana amene ali m'kalasi mwakemo ndi adzukulu athu omwe.