ZA PAKHOMO PATHU: Makala a Zitsononkho pa Sikelo

Aliyense amene amalawirira mumzinda wa Zomba amaziona njinga zimene zimatsetsereka kuchokera kumapiri zitasenza matumba a makala. Ife sitiweruza anthuwo, pakuti amene amagula ndife tomwe, akulu a mpingo ndi amayi a Mvano pamodzi. Koma tikudziwanso kuti madzi a m'mipopi yathu amachokera ku Mulunguzi pamwamba pa phiri, ndi kuti lamulo la nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kuotcha makala popanda chilolezo. Chifukwa cha ichi, pamene achinyamata a pampingo pathu anatiuza kuti makala oumba kuchokera ku zinyalala za m'munda amakhalitsa pamoto kuposa makala a mitengo, tinawayankha monga timayankhira ana a Sitandade 8: tiyese kaye, tikhulupirira pambuyo.

Tinasankha zitsononkho. Mapesi tinawakana, popeza ntchito yake ndi kuphimba nthaka ndi kubwezera chonde. Mankhusu a mpunga, amene ngochuluka ku Domasi ndi ku Likangala, tinawakananso chifukwa amasiya phulusa lambiri lotsamwitsa moto. Zitsononkho zouma tinazithira mumgolo wa malita 200 wobooledwa pansi, tinaukhazika pa njerwa zitatu, ndipo tinayatsa moto kunsi. Poyamba utsi umatuluka woyera ndi wochindikala. Umenewo ndi madzi akuthawa. Utsi ukapepuka ndi kuyamba kuyaka wokha, ndiyo nthawi yovundikira mgolo, kuchotsa njerwa ndi kumata dothi ponse pamene mpweya ungalowere. Ulendo woyamba tinachedwa kutseka, ndipo tinakolola phulusa. Wachiwiri tinafulumira, tinapeza zitsononkho zakuda kunja koma zofiirira m'kati. Chitsononkho chimene chapsa bwino chimathyoka msanga, ndipo nchakuda mpaka pakati. Musatsegule mgolo usanazizire, pakuti makala otentha akalawa mpweya amayakanso.

Makalawo tinasinja mumtondo ndi kusefa. Chomatira chake ndi phala la ufa wa chinangwa, lophikidwa mpaka lichite ulimbo: makilogalamu 10 a fumbi la makala amafuna ufa wosapitirira kilogalamu imodzi. Ufa wosaphika sumata kanthu. Mukasakaniza, fumbatani pang'ono m'dzanja. Zikagwirana osadontha madzi, zakwana.

Tsopano chipangizo chenicheni. Chikombole chathu ndi paipi yachitsulo ya masentimita 5 m'kamwa mwake ndi 12 m'litali, yoboola timabowo tating'ono m'mbali kuti madzi azituluka. Paipiyo imakhala pathabwa lolimba, pamene tinakhomapo kachitsulo kowongoka konga pensulo, koima pakati penipeni pa chikombole. Kachitsuloko kamasiya bowo m'kati mwa khala lililonse, ndipo bowolo limathandiza pouma ndi poyaka. Chotsindira ndi kamtengo kolimba kosemedwa kuti kalowe mupaipi mosakhwepa, koboola pakati kuti kachitsulo kaja kapite.

Mphamvu yotsindira imachokera ku mtanda wa bulugama wotalika mita imodzi ndi theka. Nsonga yake imodzi tinaimanga ndi bawuti pamzati wokumbiridwa pansi, ndipo chikombole tinachiika masentimita 30 kuchokera pabawutipo. Apa mphunzitsi sangaleke kuwerengera: 150 kugawa ndi 30 ndi 5. Ndiye kuti mtsikana amene akutsamira kunsonga ndi kulemera kwa makilogalamu 30 akupanikiza chotsindira ndi makilogalamu 150. Mukasendeza chikombole kutali ndi bawuti mphamvu imachepa; mukachiyandikiza kwambiri, mtanda sutsika mokwanira ndipo mzati umayamba kuzuka, monga unatichitira ife tisanautsendere ndi miyala. Mukatsindira, nyamulani paipi pa kachitsulo kaja ndi kukankha khalalo ndi chotsindira chomwecho.

Kuyanika kunatipusitsa koposa zonse. Tinaumba oyamba mwezi wa July, nthawi ya chiperoni, ndipo patapita sabata anali atachita nkhungu, pakuti phala ndi chakudya ndithu. A mwezi wa September anauma masiku asanu pa lata. Khala louma limapepuka, limalira mukaligogoda, ndipo mukaligwetsa kuchokera m'chiuno silinyenyeka. Likanyenyeka, phala linachepa kapena simunatsindire. Likamafuka ndi kununkha nsima yopserera, phala linachuluka kapena silinaume.

Tsiku loyesa tinabwereka sikelo. Kuyerekeza mulu ndi mulu nkudzinyenga, popeza makala awiriwa salemera mofanana. Tinapima magalamu 500 a makala a mitengo ndi magalamu 500 a oumba. Mbaula inali imodzi, yozizira poyamba ulendo uliwonse. Poto mmodzi wosavundikira, wa madzi malita atatu. Malo amodzi kuseri kwa khitchini kopanda mphepo. Mnyamata mmodzi anagwira wotchi, mtsikana analemba m'kope. Tinayesa katatu mtundu uliwonse ndi kutenga chapakati, chifukwa kuyesa kamodzi ndi mwayi chabe.

Makala a mitengo anawiritsa madzi pa mphindi 18, ndipo madziwo analeka kubwata patatha ola limodzi ndi mphindi 15 chiyatsireni. Oumba anavuta kukoleza, anawiritsa pa mphindi 27, koma anafika ola limodzi ndi mphindi 40. Achinyamata anaomba m'manja, nati nkhani yatha. Ife tinawapempha kuti apime madzi otsala mupoto. Pa makala a mitengo panali patauma madzi opitirira pang'ono lita imodzi; pa oumba, osakwana makota atatu a lita. Nkhope zinagwa.

Kukhalitsa pamoto ndi kuchuluka kwa kutentha ndi zinthu ziwiri. Khala loumba lili ndi phala, kafumbi ka pabwalo ndi phulusa lochuluka, kotero pa kilogalamu iliyonse muli moto wochepa kusiyana ndi khala la mtengo wolimba ngati tsamba kapena mombo. Limachedwa kutha chifukwa nlotsendereka, ndipo phulusa lake limalikuta ngati bulangete, mpweya nkumafika pang'onopang'ono. Nchifukwa chake mbaula imafuna kugwedezedwa kawiri kapena katatu kuti phulusa ligwe. Tikapanda kutero moto umagona uli moyo. Anthu amene amasakaniza dongo lambiri kuti asunge ufa amapeza makala okhala maola ambiri, koma osapsetsa ngakhale dzira.

Amayi a Mvano, amene anaonerera zonsezi mwakachetechete, ndiwo anagamula. Nsima imafuna moto waukali pa kanthawi kochepa, ndipo pamenepo oumba amakhumudwitsa. Nyemba, nandolo wouma ndi madzi osamba zimafuna moto wofatsa wokhalitsa, ndipo izi ndizo zimamaliza thumba la makala pakhomo. Mayi wina anati iye adzayamba ndi makala a mitengo ochepa pansi, oumba pamwamba. Tinayesa, ndipo kukoleza sikunavutenso.

Chenjezo limodzi tisalisiye. Makala oumba, ngakhale safuka, amatulutsa mpweya wakupha womwewo wa makala ena, wopanda fungo ndi wosaoneka. Usiku wozizira wa June kuno ku Zomba, mbaula isalowe m'chipinda chogona chotseka mazenera.

Chimene chatitsalira ndi zitsononkho. Mgolo umabweza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwa zimene mwathiramo, ndipo za munda umodzi wa banja sizingatifikitse ku dzinja. Achinyamata agwirizana kuti chaka chamawa, nthawi yotonola, adzayenda ndi matumba m'milaga yonse ya mpingo, ndipo mgolo udzakhala kuseri kwa sukulu, kutali ndi madenga a udzu.