Mtengo Udziwike Musanakwere Kombi

Abale a ku Bulawayo, tileke chizolowezi chokagula laputopu yokonzedwanso tikuti "tikakambirana komweko". Wofika alibe mtengo m'mutu amalipira wa wogulitsa. Magetsi akathima ku Njube, chokupulumutsani ndi batire, osati kunyezimira kwa chivindikiro.

Musananyamuke, wogulitsayo alembe izi, akutumizireni chithunzi cha zotsatira zake:

```
powercfg /batteryreport
```

Design Capacity ikakhala 48,000 mWh koma Full Charge Capacity 24,000, theka la batire linafa. Tiyerekeze kuti laputopu zofanana nayo, za batire labwino, zikugulidwa madola 200, ndipo batire latsopano ndi 40: musapyole 160.

Ena amati kufunsa chotere n'kunyoza munthu. Ayi, wonyoza ndi wobisa chilema. Akakana kutumiza, sungani ndalama ya kombi.