Foni siyokwanira panyanja, phunzirani kuitana pa wailesi

Kwathu ku Mpingu madzi ambiri omwe timawadziwa ndi a damu la Kamuzu ku Malingunde. Koma achinyamata a kuno timakwera maboti ku Senga Bay pa tchuthi, ena kukapikula usipa, tonse kudalira foni. Ine ndikuti foni payokha ndi chinyengo. Imaitana munthu m'modzi, ngati netiweki ilipo, pomwe wailesi ya m'boti imamveka kwa aliyense wapafupi amene watchera tchanelo 16. Nyanjayi siyoseweretsa: pa 30 Julaye 1946 sitima ya Vipya inamira ndi anthu 145.

Tiyerekeze kuti muli anthu 12 m'boti lotchedwa Chikondi, makilomita 5 kum'mawa kwa Senga Bay, injini yazima. Madzi sakulowa, palibe wavulala, koma boti likungotengeka ndi mphepo. Apa mawu ake ndi PAN-PAN, kunena katatu. Akutanthauza kuti vuto ndi lachangu koma moyo sunafike pachiswe, ndiye omvera akhale tcheru kapena abwere kudzakukokani.

Kenako mwera wakula, mafunde akudzaza boti kuposa momwe mukukapira. Zasintha tsopano, iyi ndi MAYDAY, yomwe timaitchula kuti meyidei. Ndi ya pomwe boti kapena moyo wa munthu uli pangozi yeniyeni pompano. Ikangomveka, ena onse amasiya zokamba zawo pa tchaneloyo, ndipo woyendetsa boti amene waimva ayenera kuthandiza. N'chifukwa chake kuifuula chifukwa petulo watha nyanja ili bata ndi kulakwa.

Ikani wailesi pa 16, mphamvu pa HI, dinani batani la m'mbali, nenani pang'onopang'ono:

```
MAYDAY MAYDAY MAYDAY
THIS IS CHIKONDI CHIKONDI CHIKONDI
MAYDAY CHIKONDI
5 KM EAST OF SENGA BAY
SINKING, NEED IMMEDIATE ASSISTANCE
12 PERSONS ON BOARD, OVER
```

Ndiye kuti dzina, malo, vuto, thandizo, chiwerengero cha anthu. Malo amabwera msanga dala, kuti wailesi ikafa pakati odzapulumutsa akhale atadziwa kolowera. Chingerezi chikakuthawani, yambani ndi MAYDAY, zinazo nenani m'Chichewa.

Pomwe ambiri amaphonya ndi pa batani. Mukamaliza lisiyeni. Mukaligwirabe ndi mantha simumva yankho, komanso mwatsekereza ena. Pakakhala zii, dikirani pang'ono n'kubwereza.

Wina anena kuti kawailesi kam'manja kamangofika makilomita ochepa, ndipo n'kachabe ngati palibe akumvera. Zoona. Komatu imeneyo ndiyo mfundo yanga: boti lililonse lonyamula anthu likhale nako, kotsegula pa 16 ulendo wonse, ndi pepala la mawuwa lomatidwa pafupi, poti woyendetsayo ndiye angayambe kugwera m'madzi. Musanalipire, funsani kuti, "Achimwene, wailesi ili pati?"