Gulani mapewa, zina telala akonza

Pa maukwati a kuno ku Ntcheu sipalephera bambo amene manja a jekete amukwirira zala. Akafuna kupereka moni amayamba wakankha nsalu. Nthawi zambiri jeketeyo ndi yabwino ndithu, ya pa kaunjika wa paboma kapena ku Lizulu, koma mwini wake anagula mtundu wa nsalu osawerenga kachikwangwani ka m'thumba la mkati.

Pamenepo pamalembedwa nambala ndi chilembo, monga 40R. Nambalayo ndi kukula kwa chifuwa m'mainchesi. Telala akuzungulizeni tepi kudutsa m'khwapa, mutavala shati yokha, osadzitukumula. Akapeza 40, nambala yanu ndi 40. Majekete ochokera ku Italy kapena Germany amawerenga mosiyana: mukaona 50, chotsanipo 10, mupeza 40 yomweyo.

Chilembo ndiye chimapusitsa anthu, chifukwa tinazolowera kuti pa matisheti L ndi ya munthu wamkulu thupi. Pa jekete chilembo chimanena za msinkhu. S ndi ya wamfupi, wosapitirira masentimita pafupifupi 170. R ndi ya wapakati. L ndi ya wamtali, wopitirira 183 kapena chapomwepo. Chifuwa cha 40S, 40R ndi 40L n'chimodzi. Chimasintha ndi kutalika kwa thupi la jekete ndi manja, inchi imodzi kapena kuposerako pang'ono kuchoka pa chilembo china kufika pa chinzake.

Tiyerekeze bambo wa chifuwa cha 40, wamtali masentimita 165. Wayesa 40R, yamulendewera. Wogulitsa, poti akufuna ndalama, akuti: "Bwana, tsikani pa 38, ikukhalani bwino." Apo walakwitsa. Bambo uja akamanga batani, nsalu ikokana pamimba n'kupanga makwinya opingasa, kolala n'kuyasama. Bamboyu amafunika 40S.

S ikasowa pa mulu, ndipo imasowadi, tengani R yokwana mapewa. Msoko wa phewa uthere pomwe fupa lanu la phewa lathera. Yesani chonchi: tsamirani khoma cham'mbali. Jekete ikagunda khoma phewa lanu lisanafike, n'kupindika, yakukulirani. Isiyeni ngakhale mtengo utsike. Kukonza mapewa kumafuna kusomola manja ndi kolala, ntchito yomwe matelala ambiri a pakhonde amaikana, ndipo amene amaivomera msanga ndimamukayikira.

Manja ndi osavuta. Telala amawafupikitsa kuti athere pa fupa la padzanja, shati n'kumasuzumira theka la inchi. M'chiuno amabwezanso. Koma kudula jekete m'munsi kuli ndi malire: mukapitirira inchi imodzi, matumba amatsala m'mphepete ndipo aliyense amaona kuti yadulidwa. Yoyenera imaphimba matako, ndipo mukaimika manja m'mbali, zala zopinda zimagwira mpendero.

Suti yathunthu ili ndi msampha wina. Thalauza lake limachepa mainchesi 6 kuyerekeza ndi jekete, choncho suti ya 40 imabwera ndi chiuno cha 34. Amene nsima yawayanja atembenuze thalauzalo aone ngati msoko wakumbuyo uli ndi nsalu yotsala yoti telala amasule.