Mphatso ilibe pakamwa, ilembereni kalata

Kuofesi kwathu kuli amayi awiri amene sakuyankhulana chifukwa cha sopo. Wina adapita ku Joni kukaona mwana wake, ndipo pobwera adamugulira mnzakeyo sopo wonunkhira, mafuta odzola ndi kabotolo ka perefyumu. Adaika zonse m'jumbo n'kupatsa mnyamata wotumikira kuti akasiye padesiki. Wolandirayo atatsegula adafunsa mnyamatayo kuti, "Nanga anati chiyani?" Iye, poti sadauzidwe kanthu, adangopeka: "Anangoti kawapatse, akudziwa okha." Mayi uja adakhala kaye duu, kenako n'kutembenukira kwa ife: "Kodi anthuni, ine ndimanunkha?"

Tidaseka mpaka misozi, koma mwini wake sadaseke. Chomvetsa chisoni n'chakuti wogulayo anali ndi chifukwa chabwino. Adakumbukira kuti m'nyengo yozizira mnzakeyo ankadandaula kuti khungu likumuuma ndi chisanu. Koma chifukwacho chidatsala mumtima mwake, ndipo padesikipo padafika sopo yekha ndi mawu a mthenga. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Ine ndimaonjezera kuti kandiperekere ndiye woposa.

Nkhani ya sopoyi idandikumbutsa kalata imene mlongo wanga amasunga m'Baibulo. Mayi a mnzake atagonekedwa m'chipatala, mnzakeyo anali kutali ndi ntchito, choncho mlongo wangayo ndiye adakhala gadiyani. Amene mudadikirirapo wodwala mukudziwa ntchito ya chitenje kumeneko. Ndicho choyala pamatiresi, ndicho chofunditsa wodwala, ndicho chotchinga pomusambitsa, ndipo usiku gadiyani amagonanso pa chomwecho pansi pasimenti. Gogoyo atachira, chitenje cha mlongo wanga chinali chitatheratu. Patapita miyezi kudabwera phukusi la nsalu, ndipo m'kati mwake munali pepala long'ambidwa m'kope, lolembedwa motere:

"Achemwali anga, landirani kansaluka. Tsiku limene ndidafika kuchipatala ndidapeza amayi atafunda chitenje chanu chobiriwira chija, inu muli pambali ndi juzi yokha. Sindidanene kanthu chifukwa ndikadalira. Ndayendayenda mumsika kufuna chofanana nacho, maluwa omwewo sindidawapeze, koma mtundu ndi womwewo. Ndagula mamita anayi: awiri muzivala, awiri musoketse bulauzi ndi duku. Pochapa koyamba muviike m'madzi ozizira a mchere, muyanike pamthunzi. Sikuti ndikubweza, zimene mudachita zilibe mtengo. Ndipo musavutike kundifunira kanthu."

Basi, kalata yonse ndi imeneyo. Mulibe "ndili wokondwa kutenga cholembera changa" monga tinkalembera kupulayimale. Koma taonani m'mene mayiyu adatsekera makomo onse amene miseche ikadalowera.

Adayamba ndi chimene adaona ndi maso ake. Ambiri tikati tilembe timathamangira kunena kuti "ndinu munthu wabwino, Mulungu akudalitseni", mawu amene mungalembere aliyense, ngakhale alandilodi anu. Iye adatchula chitenje chobiriwira ndi juzi. Wowerenga akaona zimenezo amadziwa kuti mphatsoyo idagulidwira iyeyo basi, si yotsala pa zimene munthu adalandira pa Tsiku la Anakubala, 15 Okutobala, pamene zitenje zimachuluka m'nyumba mpaka zina kumangodutsitsidwa kwa ena zili m'pepala momwemo. Musakane, tonse tidalandirapo chitenje chapaulendo chotere.

Kutchula mamita nakonso si kudzionetsera. Chitenje chimodzi chovala m'chiuno ndi mamita awiri. Ukapatsa munthu anayi osanena kanthu, amayamba kudzifunsa ngati ayenera kugawana ndi wina, kapena ngati ndi yunifolomu ya ukwati umene sadauzidwe. Ena amangopinda n'kuika pansi pa sutikesi kudikira tsiku lalikulu limene silifika, mpaka nsalu kumveka fungo la nkhungu. Kalata ija idapereka chilolezo chodula nsaluyo ndi lumo. Za mchere ndi mthunzi zikuoneka zazing'ono, koma zikusonyeza kuti wogulayo adaitembenuza nsaluyo n'kuona ngati maluwa akuwala mofanana kunja ndi kuseri, monga amachitira amayi odziwa kugula, ndipo akufuna kuti isasuluke msanga.

Mtengo sadautchule, ndipo kapepala ka mtengo adakamatula. Apa pokha ndiye pofunika kukhala chete.

Mzere umene ndimaukonda ndi wotsirizawo. Timakonda kunena kuti kupatsa n'kuika, ndipo mwambiwu ndi woona, ine ndimautchula pafupipafupi. Koma umuonere kumbali ya wolandira. Ngati wopatsa waika, ndiye kuti tsiku lina adzabwera kudzatenga. N'chifukwa chake munthu wosauka akalandira mphatso yodula kuchokera kwa mnzake wopeza bwino, usiku sagona, amawerengera nkhuku zake kuti adzabweze ndi iti. Mawu ochepa aja akuti "musavutike kundifunira kanthu" amamasula munthu pa ngongole imene sadaipemphe. Pamaso mawuwa savuta kuwakana, wina amangoti "aaa, inunso". Papepala amakhala, ndipo munthu amawawerenganso mtima ukayamba kumuvuta.

Wina anena kuti nsalu zina zimayankhula zokha. N'zoona, ndipo ngozi yake ili pomwepo. Kumsika wa Taifa ku Mzuzu kumapezeka nsalu zochokera ku Tanzania, ndipo za mtundu wa kanga zimakhala ndi mawu a Chiswahili m'mphepete mwake. Ena mwa mawuwo ndi madalitso, koma ena ndi zining'a zolasa mkazi mnzako wapamitala kapena mnansi wamiseche, chifukwa kwawoko amayi amatumizirana uthenga ndi nsaluzi mwadala. Ife timangoona maluwa okongola n'kugulira apongozi. Ngati simukumva Chiswahili, funsani wogulitsa akumasulireni, ndipo tanthauzolo mulilembe m'kalata. Chimodzimodzi nsalu yakuda bii, imene ambiri amaiona ngati ya maliro, kapena ya mitundu ya chipani, kapena ya mpingo umene mnzanuyo sapempherako. Popanda mawu anu, aneba ndiwo adzamasulire, ndipo aneba samasulira mokomera munthu.

Makolo athu zimenezi ankazidziwa. Pachinkhoswe, akuchimuna akamapereka tambala ndipo akuchikazi akamapereka msoti, saponyerana chabe. Pamakhala munthu woimirira wofotokoza kuti nkhukuzo zikuimira chiyani ndipo ankhoswe akusenza udindo wanji. Mphatso inkayenda ndi mawu ake. Lero tasinthanitsa zimenezi ndi perekaniperekani, pamene mawu okhawo amene amamveka ndi a munthu wa pachimkuzamawu wokuwa kuti a kuntchito kwa mkwati aponya zingati, tsopano tione a kumpingo. Mbale, mapoto ndi mafulasiki zimaunjikidwa pakona zopanda dzina, ndipo mawa lake akwati amapeza mafulasiki asanu osadziwa wowathokoza. Za ndalama zapafoni ndiye ndisayambe n'komwe. Zimangolowa usiku, iwe n'kumadzifunsa ngati ndi mphatso, ngongole, kapena wina waphonya nambala ndipo aimba posachedwa akulira.

Sindikunena kuti mulembe masamba atatu. Kalata yaitali imasanduka ulaliki, ndipo wolandira amayamba kuona ngati mukufuna akuombereni m'manja. Theka la tsamba la kope likwanira, lolembedwa ndi dzanja lanu, ngakhale zilembo zanu zikhale zokhotakhota. Mulipinde n'kuliika m'kati mwa mphatsoyo, osati m'manja mwa mthenga. Ndipo ngati mwagula sopo, mafuta odzola, mswachi kapena nsalu yolembedwa chinenero chimene simumva, chonde abale anga, phukusilo lisachoke pakhomo panu lopanda pepala.