Ana a Mbuzi Kufa Sabata Yoyamba

Mlimi wina wa ku Salima wafunsa kuti, “Kodi n'chifukwa ninji tiana ta mbuzi zanga timafa tisanathe sabata, pamene amake ali onenepa?”

Bambo, akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Kamwana ka mbuzi kamabadwa kopanda chitetezo m'thupi, ndipo chitetezocho kamachiyamwa mu mkaka woyamba uja, wachikasu ndi wokhuthala, umene matumbo ake amaulandira bwino m'maola oyamba okha, pakuti likatha tsiku limodzi khomo limakhala litatsekeka. Chomwecho musatulutse make kubusa m'mawa umene waswa. Msungeni m'khola louma masiku 3, mukumpatsa msipu ndi madzi, ndipo muone ndi maso anu kuti kamwana kayamwa, makamaka akabadwa awiri, poti wofooka amakankhidwa.

Mwafunsanso kuti mungadziwe bwanji kuti kali pangozi. Pisani chala m'kamwa mwake: mukamva kuzizira, kafunditseni chiguduli pafupi ndi moto, ndipo kakayamba kuyamwa chalacho ndi pamene mukayamwitse, chifukwa kamwana kozizidwa kamatsamwa mkaka. Mchombo nawo uviikeni mu ayodini tsiku lomwelo, pakuti m'menemo ndimo mumalowera matenda otupitsa mawondo.