Filimu ya mphindi 5 isenze funso limodzi

Ana anga, mphunzitsi akakupatsani ntchito yojambula filimu ya mphindi 5, musathamangire kamera. Yambani mwawerenga nthawi. Mphindi 5 ndi masekondi 300, ndipo dzina la filimu ndi mayina a ojambula zidyapo masekondi ngati 20. Otsalawo sangakwane mafunso awiri. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Ambiri amabwera n'kunena kuti, “Ine ndijambula za vuto la madzi.” Umenewo ndi mutu chabe, funso mulibe. M'mutuwo muli kolera, mitengo ya madzi, chilala ndi atsikana ochedwa kusukulu. Mukafuna zonse mudzatenga zithunzi zambirimbiri zosagwirizana. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Uchepetseni mutuwo mpaka utsale funso longa ili: “N'chifukwa chiyani mjigo wa m'mudzi mwathu ukawonongeka umakhalitsa osakonzedwa?” Kenako liyeseni. Likhale losayankhika ndi “inde” kapena “ayi”, poti yankho lotere limatha filimu isanayambe. Likhale loti inu eni simunadziwe yankho lake lonse. Mukalidziwa kale mudzangolalikira. Chachikulu, yankho lake lizioneka ndi maso. Kamera singajambule “umphawi”, koma ingajambule zidebe zili pamzere, chogwirira cha mjigo chikupopedwa madzi osatuluka, ndi buku la zopereka lili ndi mayina osalipira.

Funso likakhazikika, nthawi imagawika yokha. Masekondi 30 oyamba aonetse mjigo wakufawo, woonera adziwe chimene mukufufuza. Masekondi 210 agawireni anthu atatu: mayi wotunga madzi anene kumene akupita tsopano, msungichuma wa komiti ya mjigo afotokoze za ndalama, mmisiri aonetse kalabala kamene kanatha m'kati mwa pampu. Masekondi 40 apereke yankho, ngakhale litakhala lowawa, monga lakuti kachipangizoko n'kotchipa koma thumba la komiti lilibe kanthu.

Funso lodwala limadziwika msanga. Mukalilemba n'kupezamo mawu oti “komanso”, dziwani kuti ndi mafunso awiri ovala malaya amodzi, chotsani limodzi. Mukaona kuti wofotokoza akulankhula kosalekeza kuti alumikize zithunzi, ndiye kuti zithunzizo sizikuyankha kanthu pazokha.

Yesero lalikulu limadza pokonza filimu pakompyuta. Mwina gogo wina anakusimbirani mokoma za chilala cha 2002, ndipo mtima ukukana kumudula. Funsani ngati mawu akewo akufotokoza chifukwa chimene mjigo sukukonzedwera. Ngati sakutero, asungireni filimu ina. Walira mvula walira matope: wasankha funso limodzi wavomeranso kutaya zina zokoma.

Musanapereke ntchitoyo, onetsani mnzanu amene sanamvepo za nkhaniyi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Musamuuze kanthu. Akatha kuonera, mufunseni kuti filimuyo imafufuza chiyani. Akatchula funso lanu m'mawu akeake, kaperekeni. Akayankha kuti “za madzi”, bwererani mukadulenso.